Eyakoni ili pa 18: usiku ndikuzizidwa, masana ndikutuluka thukuta

Nachisale: Abale, ndithandizeni maganizo. Chipinda chimene ndimagona ndi chomwenso ndimagwiriramo ntchito pa kompyuta masana. Ndi cha mamita 4 m'litali ndi 4 m'lifupi, ndipo eyakoni yake ndi ya pakhoma ija, pambali pake analemba 12000 BTU, womwe ndi muyeso wa mphamvu yake yoziziritsa. Rimoti ndinaisiya pa 18. Masana cha m'ma 2 mpaka 4 koloko ndimakhala ndikutuluka thukuta pa desiki ngati sindinayatse kanthu. Usiku ndimagona bwino poyamba, koma cha m'ma 3 koloko ndimadzidzimuka ndikunjenjemera, kukhosi kutauma, mphuno zitatseka. Nambala ndi yomweyo, chipinda ndi chomwecho. Kodi makinawa aonongeka, kapena ndiike pa nambala yanji?

Kondwani: Achemwali, 18 ndi nambala yolondola pogona. Akatswiri a za tulo amati chipinda chogona chizikhala pakati pa madigiri 16 ndi 19. Ingofundani bulangete lokhuthala. Masanawo tsitsani pa 16 kuti izizizira mwachangu, mukayamba kumva bwino mubwezere.

Bambo a Limbani: A Kondwani, za 16 mpaka 19 zo simunaname, zimalembedwadi, tibwereranso pamenepo. Koma za kutsitsa pa 16 kuti izizire msanga ndiye ayi. Ine ntchito yanga ndi yoika ndi kukonza makinawa, ndipo chinthu chimene ndimafotokoza pafupifupi nyumba iliyonse ndi chimenechi. Rimoti si mpopi woti mukautsegula kwambiri madzi atuluke ambiri. Nambala ija imangouza makina malo oti aimire. Mpweya wotuluka mu eyakoni yabwinobwino umakhala wozizira ndi madigiri 8 mpaka 12 kuyerekeza ndi umene yakoka, kaya mwaika pa 16 kaya pa 24. Chipinda chikakhala pa 30, makinawo amagwira ntchito ndi mphamvu zawo zonse pa nambala ziwiri zonsezi. Kusiyana kwake n'kwakuti pa 24 adzafika n'kupuma, pamene pa 16 sadzapuma.

Mayi Nachisale, tsono onani mmene zikukhalira kwanuko. Masana kutentha kolowa m'chipinda kukuposa kumene makina akutulutsa, ndiye 18 ija sakuifika ngakhale pang'ono. Usiku kunja kukazizira, makoma akataya kutentha kwa masana, makina aja amayamba kupambana, ndipo cha m'mbandakucha amaifikadi 18 imene munawapempha. Nthawi imeneyo ndi imenenso thupi la munthu limakhala litazizira kwambiri pa tsiku lonse. N'chifukwa chake mukudzuka pa ola limenelo.

Ndisanakupatseni nambala, ndikufunseni: bedi lili pati poyerekeza ndi eyakoni, desiki ili pati, ndipo muli ndi kachipangizo koyezera kutentha kapadera?

Nachisale: Zikomo bambo. Bedi layang'anizana ndi eyakoni, mphepo imandiomba kumutu ndi pachifuwa. Desiki ili pawindo, ndipo dzuwa la masana limalowera pawindo lomwelo. Koyezera ndili nako, ndi kawotchi kapatebulo koonetsa madigiri ndi chinyezi.

Bambo a Limbani: Kawotchi kameneko n'kokwanira. Chitani izi. Masana makina atayenda kwa mphindi 15 kapena 20, kagwireni pamwamba pa eyakoni pamene mpweya umalowera, mudikire nambala ikhazikike, mulembe. Kenako pakamwa pamene mpweya ukutulukira, mulembenso. Kenako pa desiki. Usiku kaikeni pafupi ndi pilo, muone pogona ndiponso pa nthawi imene mwadzuka ndi kuzizira.

Ndikunena zimenezi chifukwa kachipangizo kamene eyakoni imamvera kutentha kali mkati mwa bokosi lapakhomalo, pamene mpweya umalowera, pafupi ndi siling'i. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, wozizira umatsikira pansi. Ndiye makina akamaona 18 kumwambako, pabedi pamatha kukhala 16 kapena 17. Nambala yofunika kwa inu ndi ya pamene pali thupi lanu, osati ya pa rimoti.

Thoko: Funso ili landikhudza. Ku ofesi kwathu nkhondo ya rimoti siitha. Abambo ovala majekete amafuna 19, ife timachita kubwera ndi majuzi kunja dzuwa likuswa mtengo. Zala zimauma moti kutayipa kumavuta. Pali nambala imene tingagwirizane?

Mphatso: Yanga ndikaika pa 26 imatulutsa mpweya wotentha kwambiri, chipinda kuchita kupsa. Ndiye zokweza nambalazi kwa ine sizitheka. Mwina gasi woziziritsa watha.

Bambo a Limbani: A Mphatso, yang'anani pa galasi la rimoti. Ngati pakuoneka kachizindikiro ka dzuwa, muli pa HEAT, ndiye makina akutenthetsa chipinda kuti chifike 26. Ngati palembedwa AUTO, makina akusankha okha, ndipo chipinda chikatsika pansi pa nambala imene mwaika, ena amatembenuka n'kuyamba kutenthetsa. Dinani MODE mpaka muone COOL, kachizindikiro kake kamakhala ngati kanyenyezi ka nthambinthambi. Eyakoni yothera gasi siitulutsa mpweya wotentha choncho, imangouzira mpweya wofanana ndi wa m'chipinda.

Mphatso: Pali kadzuwadi. Zikomo bambo.

Kondwani: Koma bambo, za tulo zija simunayankhe. Thupi limafunika kuzizira kuti munthu agone, zimenezi n'zodziwika. Mukawauza kuti akweze nambala muwasokonezera tulo.

Bambo a Limbani: Thupi limafunikadi kutaya kutentha. Madzulo kutentha kwa mkati mwa thupi kumayamba kutsika, ndipo usiku kumatsika ndi pafupifupi digiri imodzi. Chipinda chikatentha kwambiri thupi limalephera kutaya kutenthako, munthu amangotembenuka. Mpaka pamenepo tikugwirizana.

Pamene tikusiyana ndi apa. Malangizo a 16 mpaka 19 aja amaganizira munthu amene wavala zogonera ndipo wafunda chofunda chokhuthala, m'maiko ozizira kumene funso lawo limakhala loti atenthetse chipinda mpaka pati. Chimene khungu limamva ndi kutentha kwa mkati mwa zofundamo, ndipo kumeneko kumakhala cha m'ma 30 kapena kupitirira pang'ono. Mungafike pamenepo ndi chipinda cha 18 ndi bulangete lolemera, mungafikenso ndi chipinda cha 24 ndi shiti imodzi. Tulo take n'tofanana, koma njira yoyambayo mukulipira magetsi kuti muzizire kenako n'kufunda kuti mutenthedwe. Ndiponso anthu sitifanana. Kafukufuku wina wa mu 2023, amene anachitika kwa anthu achikulire ku Boston ku America akugona m'nyumba zawo, anapeza kuti ankagona bwino kwambiri chipinda chikakhala pakati pa 20 ndi 25, ndipo tulo tinkayamba kusokonekera kukapitirira 25.

Kondwani: Amenewo ndi achikulire. Ine pa 24 sindingagone, ndimadzuka pilo atanyowa.

Bambo a Limbani: N'zotheka ndithu, ndipo sindikutsutsani pa za thupi lanu. Anthu a thupi lalikulu, amene amachita masewera olimbitsa thupi madzulo, ndi amayi amene afika msinkhu wosiya kusamba, ambiri amafuna kozizirirapo. Matiresi a siponji yofewa kwambiri nawonso amasunga kutentha. Ndingokupemphani kuti muyeze pa pilo. Mwina 18 yanu ya pa rimoti ndi 21 pabedi, ngati makina anu ndi aang'ono kapena bedi lili patali.

Mayi a Chikondi: Pepani ndilowererepo. Ine ndili ndi khanda la miyezi inayi, timagona chipinda chimodzi. Apongozi anga akuti eyakoni imadwalitsa mwana chibayo, ndizimitse. Koma kukatentha mwana sagona, amangolira, ndipo watuluka totupa m'khosi.

Anamwino Esnati: Mayi a Chikondi, chibayo chimayamba ndi tizilombo, osati mpweya wozizira pawokha. Kwa khanda, kutenthedwa kwambiri pogona n'koopsa, ndiye kuziziritsa chipinda moyenera si kulakwa. Koma musalole mphepo ya makina kumuomba mwachindunji, ndipo fyuluta, timaukonde togwira fumbi m'makinamo, ikhale yoyera. Kuti mudziwe ngati ali bwino, mugwireni pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi. Pakhale pofunda koma posanyowa. Manja ndi mapazi a khanda amakhala ozizirira nthawi zambiri, musaweruzire pamenepo n'kuyamba kumuunjikira zofunda. Mabungwe ena a ku Ulaya amalangiza 16 mpaka 20 pa chipinda cha khanda lovekedwa zogonera zofunda bwino. Chipinda chikakhala pa 23 kapena 24, chepetsani zovala, kamalaya kamodzi kopepuka n'kokwanira. Akatentha thupi, akamapuma mofulumira kapena kukana kuyamwa, imeneyo si nkhani ya rimoti, thamangirani naye kuchipatala.

A Nachisale, kukhosi kouma ndi mphuno zotseka zija n'zogwirizana ndi mphepo yozizira youma imene ikukuombani kumaso usiku wonse. Musanaganize za mankhwala, chotsani kaye mphepoyo pankhope.

Mayi a Chikondi: Zikomo kwambiri anamwino. Ndiwafotokozera apongozi modekha.

Nachisale: Ndabwera ndi manambala aja. Masana 3 koloko, rimoti ili pa 18: polowera mpweya 28, potulukira 22, pa desiki 30. Usiku pogona pa pilo panali 22, chinyezi 48. Nditadzuka cha m'ma 3 panali 17, chinyezi 37.

Bambo a Limbani: Manambala amenewa anena zonse. Tiyambe ndi masana. Kuchokera pa 28 kufika pa 22 ndi madigiri 6 okha, ndiye makina akuziziritsa mofooka. Kuyeza kokha sikungatiuze chifukwa chake, koma choyamba kuona ndi fyuluta, poti sichilira mmisiri. Zimitsani pa switchi ya pakhoma, tukulani chivindikiro chakutsogolo, muona timaukonde tiwiri tapulasitiki. Titulutseni, titsukeni ndi madzi, tiume pamthunzi, mubwezere. Muli pomwepo yang'anani timalata topyapyala timene tili kuseri kwa maukondewo. Ngati tamatirira fumbi kapena pali madzi oundana, mundiuze. Pitaninso panja muone bokosi lakunja lija ngati silinatchingidwe ndi katundu kapena zomera, chifukwa kutentha konse kochoka m'chipinda kumatulukira pamenepo.

Chachiwiri, pa desiki pali 30 pamene pafupi ndi siling'i pali 28. Zimenezo n'zosemphana ndi mmene zimakhalira nthawi zonse, ndipo zikusonyeza kuti windo ndi limene likukuotchani. Dzuwa likamaomba mwachindunji, windo la sikweya mita imodzi limatha kulowetsa kutentha kwa mawati mazana angapo. Makina anu onse amatha kuchotsa pafupifupi mawati 3,500 a kutentha akakhala bwinobwino, ndiye windo lalikulu limadya gawo looneka ndithu. Kuonjezera apo, galasi lotentha limaotcha khungu ngakhale mpweya utazizira. Tsekani katani yokhuthala yowala dzuwa lisanafike pawindopo, osati chipinda chitatentha kale. Chotchinga chakunja kwa windo chimaposa katani, chifukwa kutentha kumaimitsidwa kusanadutse galasi. Desiki isuntheni pang'ono, ngakhale mita imodzi.

Nachisale: Maukonde aja anali atatsekeka ndi fumbi moti kuwala sikumadutsa. Madzi oundana panalibe. Nditatsuka ndayezanso: polowera 27, potulukira 16, ndipo mphepo ikutuluka yamphamvu. Katani ndatseka kuyambira 12 koloko, pa desiki pafika 25.

Bambo a Limbani: Madigiri 11, makina anu ali bwino, gasi musamuganizirenso. Muzitsuka maukondewo pakatha milungu iwiri kapena inayi iliyonse malinga ndi fumbi la kumene muli. Koma dziwani kuti tsopano usiku azizizira msanga kuposa kale, ndiye 18 ija ichoke lero lomwe.

Masana ikani COOL, 24 kapena 25. FAN ikhale pakatikati kapena AUTO. Ngati muli ndi fani wamba, iyatseni pang'ono iziomba chakumbali kwanu, eyakoni mukweze pa 26. Mpweya woyenda umachititsa munthu kumva ngati kwazizirirapo ndi madigiri awiri kapena atatu, ndipo fani imadya mawati 40 mpaka 70 pamene eyakoni yanu ikamaziziritsa imadya pafupifupi 1,100.

Usiku chitani chonchi. Yatsani theka la ola musanagone, chitseko ndi mawindo zili zotseka, pa 23. Timapiko totsogolera mphepo tiyang'anitseni m'mwamba, tigone mopingasa, kuti mphepo idutse pansi pa siling'i n'kutsika yokha pang'onopang'ono. SWING muzimitse, chifukwa imabweretsa mphepo kumaso kwanu mobwerezabwereza. Mukamalowa m'zofunda dinani SLEEP. Pa makina ambiri batani limeneli limakweza nambala ndi digiri imodzi pakatha ola loyamba, digiri ina pakatha ola lachiwiri, kenako n'kukhazikika pamenepo, fani ikuyenda motsika. Ndiye muyamba pa 23 pamene thupi likufuna kutaya kutentha, ndipo mbandakucha udzakupezani pa 25 pamene thupi lazizira kale. Ena amazima okha pakatha maola 7 kapena 8, onani kabuku ka makina anu. Pa pilo muzifuna kuona pakati pa 22 ndi 24. Mukasintha, sinthani digiri imodzi yokha, muone mmene mugonere, musadumphe atatu nthawi imodzi.

Pa magetsi, tingoyerekeza. Makina a mawati 1,100 akayenda osapuma maola 8 adya pafupifupi mayunitsi 9. Pa 24 kapena 25 usiku, kompuresa, injini ya m'bokosi lakunja lija, imatha kuyenda theka la nthawiyo kapena kucheperapo, ndiye mukhala cha m'ma 3 mpaka 5. Zimadalira kunja kwatentha bwanji komanso denga lanu.

Thoko: Bambo, ife a ku ofesi mwatiiwala.

Bambo a Limbani: Sindinakuiwaleni mayi. Kwa munthu wokhala pansi akugwira ntchito ya pa desiki, atavala zopepuka, ambiri amamva bwino pakati pa 23 ndi 26. Ovala jekete ndi tayi amafuna madigiri awiri kutsikirapo, ndiye mkangano wanuwo gwero lake ndi zovala. Ku Japan anaona zimenezi, ndipo mu 2005 boma linayambitsa ndondomeko yotchedwa Cool Biz, yolimbikitsa kuti maofesi azikhala pa 28 nyengo yotentha, ogwira ntchito n'kuvula majekete ndi matayi. Kunena zoona 28 popanda fani ndi yotentha kwa anthu ambiri, ine sindingailangize. Ku India, kuyambira mu 2020, eyakoni zatsopano za m'zipinda zimayenera kubwera zitatcheredwa kuti zikayatsidwa ziziyambira pa 24, ndipo bungwe lawo loona za kasungidwe ka mphamvu limawerengera kuti digiri iliyonse imene mwakweza imapulumutsa pafupifupi 6 peresenti ya magetsi. Ndiye 24 ndi poyambira pabwino pokambirana ndi anzanuwo.

Musanakangane za nambala, onani amene akhala pansi pa mphepo ndi amene akhala pawindo. Nthawi zambiri wodandaula kuzizira ndi amene mphepo ikumugwera pamapewa, wodandaula kutentha ali padzuwa. Kusinthana malo kapena kukweza timapiko kumathetsa zimene rimoti singathetse.

Kondwani: Ine ndinawerenga kuti anthu amagwira ntchito molongosoka kwambiri pa 21 kapena 22.

Thoko: Pa 21 ine ndimangoganiza za zala zanga, ntchito siiyenda. Anayeza anthu ovala chiyani?

Kondwani: Zimenezo sizinalembedwe pamene ndinawerengapo. Koma kutentha kumagonetsa, aliyense akudziwa.

Anamwino Esnati: Kuwodzera kwa masana m'chipinda chotseka si kutentha kokha. Eyakoni za pakhomazi sizilowetsa mpweya wakunja, zimangozungulitsa womwe uli m'chipindamo. Anthu angapo akakhala maola ambiri zitseko zili zotseka, mpweya umene akupuma umaunjikana, mutu umalemera. Ena amaona ngati kwatentha n'kutsitsa nambala, pamene chofunika n'kutsegula windo kwa mphindi zochepa. M'chipinda chogona anthu awiri kapena atatu n'chimodzimodzi.

Yamikani: Yanga ndi nkhani ina pang'ono. Nyengo ya mvula chipinda chimafika 24 mwamsanga, makina n'kupuma, koma thupi limangomata, zofunda kumveka zonyowa. Ndikatsitsa pa 20 ndimazizidwa koma kumatako sikutha. Ndi ya 18000 BTU m'chipinda chocheperapo kuposa cha a Nachisale. Anandiuza kuti yaikulu ndiye yabwino.

Bambo a Limbani: Achimwene, makinawo akulira chipinda. Eyakoni imachotsa chinyezi pokhapokha kompuresa ikamayenda, madzi akamadontha pa timalata tozizira tija n'kutuluka pa paipi. Yanuyo ikuziziritsa mpweya m'mphindi zochepa n'kupuma isanachotse madzi okwanira. Mudzaona kuti ikuyaka ndi kuzima pafupipafupi, ndipo paipi yakunja ikudontha pang'ono chabe. Yesani DRY, ya kachizindikiro ka dontho la madzi, pa 24 kapena 25. Ngati mukhala pa COOL, FAN ikhale yotsika kwambiri, chifukwa mpweya ukamadutsa pang'onopang'ono umasiya madzi ambiri. Chinyezi chikakhala pakati pa 40 ndi 60 peresenti, 25 imamveka bwino. Chikapitirira 70, ngakhale 23 imamata. Zikakanika, mankhwala ake enieni ndi makina ocheperapo, a 9000 BTU, makamaka a inveta, poti amenewo amachepetsa liwiro m'malo mozima.

Yamikani: Kugula ena pakadali pano n'kovuta. Ndiyesa DRY.

Mphatso: Funso lomaliza. Ndikamatuluka kwa ola limodzi, ndizimitse kapena ndiisiye? Mnzanga akuti kuyatsanso kumadya magetsi ambiri kuposa kuisiya.

Bambo a Limbani: Mphamvu yochuluka imene kompuresa imakoka poyaka ndi ya kamphindi kochepa kwambiri, pa mita siioneka. Mukatuluka kwa maola, zimitsani. Mukatuluka kwa mphindi 20 kapena 30, ingokwezani pa 27. Mukazimitsa n'kuyatsanso nthawi yomweyo, musadabwe ikakhala pafupifupi mphindi 3 osaziziritsa, ikuteteza kompuresa.

Yamikani: Pamenepa ine ndikukayika bambo. Kwathu makoma akatentha amatenga usiku wonse kuti azizire. Ndikaizimitsa masana onse, madzulo imalimbana mpaka pakati pa usiku. Ya inveta yosiyidwa pa 27 singadye zochepa?

Bambo a Limbani: Pa kumva bwino madzulo mukhoza kupindula. Pa magetsi ndikuona kuti kuzimitsa kupambanabe, chifukwa chipinda chozizira chimakoka kutentha kwakunja kochuluka kuposa chipinda chofunda, ndipo konseko makina ayenera kukutulutsa. Njira yapakati ndi TIMER, iyake ola limodzi musanafike. Koma nyumba zimasiyana, ndiye werengani mita yanu masiku otentha mofanana, njira iyi ndi inayo, mutibweretsere manambala.

Nachisale: Ndikudziwitseni mmene zayendera. Ndinayamba pa 23 ndi SLEEP, timapiko m'mwamba. Sindinadzuke ndi kuzizira, kukhosi kuli bwino, m'mawa pa pilo panali 23, chinyezi 50. Koma cha m'ma 5 koloko ndinamva kutenthedwa pang'ono, makina anali atazima okha. Ndiyambe pa 22, kapena ndisiye SLEEP ndingoika pa 24 usiku wonse?

Bambo a Limbani: Vuto pamenepo ndi kuzimako, osati nambala yoyambira, ndiye 22 sithandiza. Yesani 24 popanda SLEEP, FAN yotsika, muone ngati mugona msanga ngati dzulo. Ngati kugona kuchedwa, bwererani ku 23 ndi SLEEP, koma fani wamba ikhale ikuyenda pang'ono usiku wonse kuti idzagwire ntchito makina akazima.

Kondwani: Ine ndayeza pa pilo usiku wathawu, rimoti ili pa 18. Panali 20. Bulangete langa sindisiya, koma ndiyesa 20 pa rimoti ndione ngati ndigone.